Muvi Wofiira wa Bambo Sidontha

Anthu ena Mulungu anawapatsa mawu oimbira, ena miyendo ya mpira, ena pakamwa pongodyera basi. Bambo Sidontha anawapatsa dzanja. Dzina lawo lenileni lilipo, lili pachiphaso, koma mutalitchula pamsewu palibe angacheuke, ngakhale eni akewo. La Sidontha linabwera ndi matama a paunyamata. Munthu akawaitana kudzalemba chikwangwani n'kuyamba kuyala manyuzipepala pansi, iwo ankati, "Chotsani izo, penti yanga sidontha." Chopweteka n'chakuti zinali zoona.

Kwa zaka makumi anayi analemba tauni yonse. Ometa tsitsi, osoka nsapato, okhoma mabokosi a maliro, onse anadutsa m'burashi yawo. Mlendo ankatha kutsika basi kudepoti n'kuyenda mpaka kuchipatala akuwerenga dzanja la munthu mmodzi.

Malamulo awo a ntchito anali awiri. Loyamba: lemba chimene wapatsidwa. Mwini kagolosale ka mashelefu awiri akafuna kuti pakhomo palembedwe kuti ndi likulu la katundu yense, iwo ankalemba, nkhope ili gwa. "Bodza n'la mwini wake," ankatero, "changa n'chilembo." Lachiwiri: asanatsegule chitini cha penti ankayamba ajambula zonse ndi choko, n'kubwerera m'mbuyo mapazi khumi, n'kuwerenga mokweza, chala chikutsata pomwe diso la wodutsa lingayambire mpaka pomwe lingathere. Anthu ankaima kumaonerera ngati pali wamisala. Iwo ankangoti diso ndi mlendo, ukapanda kuliperekeza limasochera.

Kenaka kunabwera makina osindikiza pansalu za pulasitiki. Kamnyamata kosadziwa kugwira burashi kamangodina batani, chikwangwani chatuluka, chili ndi chithunzi cha nkhuku yonenepa kuposa nkhuku iliyonse imene inabadwapo. Ntchito za Bambo Sidontha zinayamba kutha pamakoma imodziimodzi, ngati mano m'kamwa mwa nkhalamba. Yomaliza inali ng'ombe ya pabutchala, yomwe anthu ankati imakutsata ndi maso. Tsiku limene anaiphimba ndi pulasitiki, bamboyo anabwerera kunyumba n'kukhala pakhonde kumatsuka maburashi otsukatsuka kale.

"Muwamaliza ubweya amenewo," anatero akazi awo. "Kapena mwayamba kuwasambitsa ngati ana, poti ana enieni anakula?"

Ndiye mukumva kuti pamene kunabwera mphunzitsi wamkazi wa kusekondale ya kuseri kwa msika, sanabwere ndi ntchito wamba. M'tauni monse munalibenso khoma ngakhale limodzi lokhala ndi dzanja lawo.

Mphunzitsiyo anali wa jogalafe, wachitsikana ndithu, woyenda ngati akuthamangira basi. Ana a sukulu ankamutcha Kamphepo, koma pamaso pake ankati Madamu. Anatulutsa pepala lalikulu n'kuliyala pakhondepo, n'kulitsamiritsa ndi zitini.

Bambo Sidontha analiyang'ana. Mabokosi, mivi, timawu tating'ono pamwamba pa mivi.

"Madamu, uyu ndi kangaude kapena ndi mawaya a wailesi?"

"Ndi mapu a mfundo, bambo. Ana anga alemba mayeso masabata atatu akubwerawa. Mutu wa kukokoloka kwa nthaka amaloweza ngati nyimbo, koma ukawafunsa kuti ichi chimabweretsa bwanji icho, amakuyang'ana ngati wawapempha impso. Ndikufuna mapu awa akhale pakhoma la kumbuyo, aakulu, aziwaona tsiku lililonse pobwereza."

"Mapu opanda msewu?"

"Misewu yake ndi mivi. Muyambe pabokosi, mutsate muvi, muwerenge mawu ali pamuvipo, mufike bokosi lina. Chikhale chiganizo. Yesani."

Bamboyo anaika chala. "Kudula mitengo... kumasiya... nthaka yopanda chophimba." Anadzutsa mutu. "Nthaka yambulanda."

"Eya, koma musalembe choncho."

Anawauzanso kuti Ahedi avomera monyinyirika. Iwo ankafuna pepala losindikiza, koma mapepala m'kalasi imeneyo sakhalitsa, amathera kukutira mabuku. Ndiye anasaina pangodya ya pepalalo n'kunena kuti chimene asainira n'chomwecho, pasachoke kanthu, pasaonjezeke kanthu.

"Pamenepo mwafika pakhomo loyenera," anatero Bambo Sidontha.

Loweruka m'mawa ananyamula makwerero, zitini ndi chingwe chawo cha choko. Mlonda anawatsegulira kalasi n'kubwerera kukawothera dzuwa. Bamboyo anaima pakhomo kanthawi. Anasiya sukulu ali kalasi yachisanu, ndipo chisiyireni anali asanalowenso m'chipinda cha madesiki. Zikwangwani za masukulu analemba zambiri, koma panja, pageti. Fungo linali lomwe lija, la choko ndi fumbi ndi matabwa otuluka thukuta la ana. Nkhalamba ya imvi inadzipeza ikuvula chipewa pamaso pa bolodi lopanda munthu.

Anakankhira madesiki kutsogolo. Anayeza khoma, anamenya chingwe, mizere yoyera n'kutsala. Pakati anajambula bokosi lalikulu: KUKOKOLOKA KWA NTHAKA. Kumanzere zochititsa, kumanja zotsatira, monga pepala linanenera. Pofika masana choko chinali chitatha ntchito yake. Anabwerera m'mbuyo mapazi khumi, anagunda desiki, anatukwana pang'ono, n'kuyamba kuwerenga mokweza.

"Kudula mitengo kumasiya nthaka yopanda chophimba. Kutentha tchire kumasiya nthaka yopanda chophimba. Kudyetsa ziweto zambiri pamalo amodzi kumasiyanso chimodzimodzi. Ehe, onse akumana pano, ngati akuba pamaliro."

Chala chinapitirira. Nthaka yopanda chophimba imalola madontho a mvula kumenya dothi n'kuliphwanya. Dothi lophwanyika limatseka timabowo ta m'nthaka, madzi salowa pansi, amathamanga pamwamba. Kulima potsetsereka kumawonjezera liwiro la madziwo. Mizere ya m'munda yolunjika kumunsi imawapatsa njira. Mivi yonse inathira m'bokosi lalikulu lija.

Apa mawu awo anatsika. Anayamba kuwerenga pang'onopang'ono, ngati munthu amene walandira kalata n'kuzindikira dzanja la kwawo.

Kukokoloka kumachotsa dothi lapamwamba. Kuchoka kwa dothi lapamwamba kumachepetsa chonde. Kukokoloka kumakumba timingalande, timingalande timakula n'kukhala zigwembe, zigwembe zimadula minda ndi misewu. Dothi lokokoloka limakwirira mitsinje ndi madamu, mtsinje wokwiririka umasefukira. Madzi osalowa pansi amaumitsa zitsime msanga.

Anakhala pansi padesiki ya mwana, mawondo ali m'chifuwa.

Izi anazionapo zonse, ndi maso awo, kumudzi kumene anabadwira, m'munsi mwa phiri. Anaona miyala ikutuluka m'munda chaka ndi chaka, akuluakulu n'kumati miyala ikumera. Anaona kangalande kamene ankalumpha ndi mwendo umodzi katasanduka chigwembe chomeza ng'ombe. Anaona dziwe limene ankasambira litasanduka mchenga, chitsime chikuuma mwezi umene kale chinkasefukira. Koma zonsezi ankazisunga m'mutu payekhapayekha, ngati masoka osadziwana: ili la mvula, ili la mfiti, ili la tsoka chabe. Lero wina wazimanga ndi mivi, ndipo zapezeka kuti n'za mimba imodzi. Zaka makumi asanu akuyenda nazo, osadziwa kuti ndi chiganizo chimodzi chachitali.

"Kamwana aka," ananong'ona akuganiza za Madamu, "kanali kuti pamene phiri lathu linkatsika?"

Anadzuka kuti amalize kuwerenga. Kuchepa kwa chonde kumabweretsa zokolola zochepa. Chala chinafika pabokosi la ZOKOLOLA ZOCHEPA, pangodya ya kumanja kumunsi, n'kuima. Panalibe muvi wotuluka.

"Ndiye kenaka?"

Anayang'ana papepala. Palibe. Analitembenuza. Kumbuyo kunali koyera.

Diso linafika pamenepo n'kugwa pansi ngati munthu wotsika masitepe amene sitepe yomaliza kulibe. Kodi anthu aja akakolola zochepa amangopinda manja n'kumadikira kuti pepala lithe? Bambo awo sanapinde manja. Munda wa m'munsi utatopa, anayang'ana kumtunda kumene kunali mitengo ndi dothi lakuda, n'kunola nkhwangwa. Zaka zitatu kunabereka, chachinayi miyala inamera. Anakweranso. Nkhwangwa imodzi sinakwane, ndiye m'mawa wina anauza mwana wawo wa kalasi yachisanu kuti lero asavale yunifolomu.

Bambo Sidontha anatenga choko. Kuchoka pa ZOKOLOLA ZOCHEPA anakoka mzere, kuuzungulitsa m'munsi mwa mapu onse, kubwerera kumanzere, n'kuugawa pawiri: nthambi ina pa KUDULA MITENGO, ina pa KULIMA POTSETSEREKA. Anabwerera m'mbuyo. Chinthu chija sichinalinso mndandanda. Chinali gudumu, ndipo chinkazungulira chokha.

Anafufuta msanga ndi chikhatho, n'kuyang'ana kukhomo ngati waba.

Tsiku limenelo ndi theka la lotsatira anapenta za papepala zokha. Mabokosi a zochititsa obiriwira, a zotsatira achikasu, mivi yakuda, zilembo zowongoka ngati asilikali. Lamulungu masana akazi awo anabwera ndi chakudya m'kabasiketi, n'kuwapeza atakhala, akuyang'ana pansi pa khoma pomwe panali chizimezime cha choko.

"Mwamaliza, nanga mwakhaliranji ngati mwaferedwa?"

"Pali muvi ukusowa."

"Uli papepala?"

"Ayi."

"Ndiye sukusowa. Si inu munalemba kuti sing'anga uja amachiza ndi umphawi womwe, iye akuyenda wapansi? Lero mwayamba liti kukonza za eni ake?"

"Lija linali bodza la mwini wake. Ili ndi langa. Ndikasiya chonchi, ndiye kuti ndanena kuti bambo anga ankadula mitengo chifukwa chodana nayo."

Mayiwo anakhala nawo zaka zambiri, ndipo za kuphiri kuja anazimvapo kawiri kokha.

"Idyani kaye," anatero. "Munthu sachimwa ndi njala, amachimwa atakhuta."

Atadya anatsegula kachitini ka penti yofiira. Anasankha yofiira dala, kuti aliyense aone kuti uwu si wa Madamu, mlandu wake ndi wa wopenta. Anaukoka ndi mpweya umodzi, kuchoka kumanja mpaka kumanzere, akuyenda chammbali mawondo atapinda, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi limodzi ndi mphambu. Mzerewo unatuluka wosalala ngati waukoka ndi kampasi.

Lolemba m'mawa anabwera kudzatenga makwerero. Anapeza kalasi yonse itatembenuza makosi kumbuyo, Madamu ataima chilili, ndi Ahedi, bambo wamimba yake ndi tayi yake, pepala losaina lija lili m'manja. Pakhomo panali mlonda ndi ndowa ya laimu.

"Ndi inu wopenta?"

"Ndine, bwana."

"Ichi n'chiyani?"

"Muvi, bwana."

Ana anaseka. Ahedi anawayang'ana, kuseka kunazima.

Tisawanamizire Ahedi, sanali munthu woipa, ndipo mfundo anali nayo. Anati iwo akhala akuchonga mayeso zaka zambiri ndipo ana amawadziwa. Funso likabwera lakuti tchulani zinthu zitatu zochititsa kukokoloka kwa nthaka, mwana amene wakhala masabata atatu akuyang'ana muvi wofiirawu adzalemba kuti zokolola zochepa. Wochonga adzadula. Mwana adzataya malikisi chifukwa cha luso la munthu amene sadzakhala nawo m'chipinda cha mayeso.

"Ndipo penti yofiira yamafuta sibisika ndi kachigamba," anatero. "Tipaka khoma lonse, tigule pepala losindikiza monga ndinanenera poyamba."

Bambo Sidontha anayang'ana ndowa ija. Masiku awiri a ntchito sanawadandaule, anatayapo masabata. Koma khoma ili likayera, ndiye kuti basi, m'tauni yonse simukhalanso chilembo chawo.

Maso a Madamu anali pa muviwo, akuutsata kupita ndi kubwerera.

"Ahedi," anatero, "muviwu ndi woona. M'buku muli ndime yake, ya umphawi ndi kuchepa kwa malo. Ine ndinausiya poopa kuchulutsa. Ndinalakwa ndine."

"Sindikuti ndi wabodza, Madamu. Ndikuti usokoneza ana."

"Ndiye tiwayese. Bambowa afotokoze, kenaka musankhe mwana aliyense amene mukufuna, mumufunse atafulatira khoma. Akasokoneza, ndipaka laimu ndi manja anga."

Ahedi anamwetulira kumwetulira kwa munthu amene akudziwa kale amene asankhe. Pabenchi ya pakona panali mtsikana wamtali amene anzake ankamutcha Chitulo. Ankachokera kutali, ankafika atatopa, ndipo phunziro lachiwiri lisanathe mutu unkakhala uli padesiki. Chaka chonse palibe mphunzitsi anamvapo yankho lake loposa mawu atatu.

"Chabwino. Fotokozani, akulu. Mphindi zisanu."

Munthu amene ankakwera makwerero pansanjika yachitatu akuimba mluzu, anasowa poyambira ali pansi pasimenti. Ana makumi asanu ndi limodzi, maso onse pa iye. Anatsegula pakamwa, sipanatuluke kanthu. Wina kumbuyo anati, "Agogo, netiweki yathawa," kalasi n'kuphulika.

Ndiye anachita chokhacho chimene amadziwa. Anafulatira ana, anabwerera m'mbuyo mapazi khumi, anakweza chala, n'kuyamba kuwerenga khoma mokweza.

"Kudula mitengo kumasiya nthaka yambulanda."

Kuseka.

"Musaseke, mvula siseka. Dontho limodzi likagwa pa tsamba, limatsika mwaulemu. Likagwa pa dothi lambulanda limamenya ngati hamala. Mukadzaona khoma la nyumba lili ndi timadontho ta matope m'munsi mvula itatha, ndi munda umenewo, wayamba ulendo."

Chala chinasuntha. Anawauza kuti kuba koyamba sikuoneka, madzi amangosenga munda wonse pang'onopang'ono ngati munthu wosenda chikopa, mwini wake n'kumati miyala ikumera, chonsecho ndi dothi likuchoka. Anawauza za timingalande timene umatha kufafaniza ndi khasu, n'kudzinamiza kuti wathana nato. Anawauza za chigwembe, chimene khasu silichitha, ndi ng'ombe ya amalume awo imene anaipeza m'menemo miyendo ili m'mwamba. Anatsata dothi lija mpaka kumtsinje, n'kuwafunsa kuti ukathira mchenga m'beseni lodzaza, madzi amapita kuti.

"Amatayika!" anayankha angapo.

"Amatayikira m'nyumba za anthu a kumunsi, amene sanadulepo mtengo ndi umodzi womwe."

Mphindi zisanu zinali zitadutsa kalekale, ndipo Ahedi sanayang'ane wotchi. Mlonda anali atatula ndowa pansi. Chala chinafika pangodya ya kumanja.

"Zokolola zochepa. Apa pepala linathera. Koma munthu sathera apa, ana inu. Nkhokwe ikapanda kudzaza, bambo amayang'ana ana ake, kenaka amayang'ana phiri." Anayenda chammbali, chala chili pa mzere wofiira, mpaka kumanzere. "Ndi uyu wabwerera pomwe tinayambira. Amadziwa kuti akulakwa? Mwina amadziwa. Koma njala ndi ya chaka chino, chigwembe n'cha chaka cha mawa. Ife tinakwera katatu. Kachinayi kunalibenso kokwera, tinatsika tonse kubwera m'tauni, phiri litatsogola kale."

Anatsitsa dzanja. Sanadziwe kuti amalize bwanji, ndiye anangoti, "Basi, bwana."

Ahedi anatsokomola. "Iwe wa pakona. Imirira. Yang'ana kubolodi."

Chitulo anaimirira. Lero maso ake anali otsegula.

"Tchula zinthu zitatu zochititsa kukokoloka kwa nthaka."

"Kudula mitengo. Kulima potsetsereka. Kudyetsa ziweto zambiri pamalo amodzi."

"Zotsatira zitatu."

"Kutha kwa chonde. Zigwembe. Kukwiririka kwa mitsinje."

Ahedi anayandikira, manja kumbuyo, mawu atafewa ngati a munthu wotchera msampha. "Nanga zokolola zochepa? Agogowa angotiuza kuti nazonso zimachititsa. Bwanji sunatchule?"

Mtsikanayo asanayankhe, wina anayamba kunong'oneza, Madamu anamudula ndi diso.

"Sizikokolola nthaka, sala," anatero Chitulo. "Muvi wofiira sukulowa m'bokosi lapakati. Ukupita kaye kwa anthu. Zokolola zikachepa, anthu ndi amene amakadula mitengo ndi kulima kumtunda, ndiye izozo n'zimene zimakokolola. Pa funso la tchulani, ndi chotsatira. Pa funso la fotokozani, ndingalembe kuti chotsatiracho chimabwerera kukadyetsa chochititsa." Kenaka anaonjezera, "Kwathu tili pa kukwera kwachiwiri."

Palibe anaseka. Madamu anagwira pakamwa. Bambo Sidontha anayang'ana msana wa mwanayo, wowongoka, ndipo anachita mantha ndi khoma lawo lomwe: penti ya m'chitini, yogula pahadiweya, yalankhulitsa munthu amene aphunzitsi a madigiri anamulephera chaka chathunthu.

Ahedi anayenda mpaka kukhoma. Anautsata muviwo ndi maso kuchoka kumanja mpaka kumanzere, n'kupukusa mutu.

"Ulipobe mlandu," anatero. "Madamu, lamulo la mapu amenewa ndi lotani? Muvi uliwonse ukhale ndi chiyani?"

"Mawu olumikiza!" kalasi inayankha m'malo mwake.

"Uwu uli ndi mawu?"

Unalibe. Wopenta wa zaka makumi anayi anaiwala zilembo. Manyazi anawagwira mpaka m'makutu.

"Muvi wosalankhula sindiulola pasukulu pano. Mlonda, kaikeni ndowayo kustolo. Inu akulu, tsegulani chitini. Kalasi, apatseni mawu."

Pamenepo ndiye panabuka msika. Wina anati alembe "zimachititsa", Madamu anati mawu amenewo ali kale pamivi isanu ndipo ndi aulesi. Wina anati "zimabweretsa". Mnyamata wa netiweki uja anati alembe "zimapengetsa anthu", n'kulandira choko pamphumi. Bambo Sidontha anagwada pansi, burashi yaing'ono ili m'manja, akudikira ngati mmene ankadikirira eni masitolo.

"Iwe wa pakona," anatero Ahedi, ndipo kanali koyamba kumufunsa mopanda msampha, "ukuti bwanji?"

"Zimakakamiza anthu."

Madamu anayesa mokweza. "Zokolola zochepa zimakakamiza anthu kudula mitengo. Zokolola zochepa zimakakamiza anthu kulima potsetsereka. Zikuwerengeka mbali zonse ziwiri."

Bamboyo anaviika burashi. Zimakakamiza. Anawatembenuza mawuwo m'kamwa. Ndi amene anawasowa zaka zonse zija akaganiza za bambo awo ndi nkhwangwa ija m'mawa umene anauzidwa kuti asavale yunifolomu. Sanauze munthu. Analemba chilembo chimodzichimodzi pamwamba pa mzere wofiira, ana ataunjikana kumbuyo kwawo mpaka kuwatsekera kuwala.

Asanafike pa chilembo chomaliza, mtsikana wina anali atatenga kale choko.

"Madamu, palinso wina! Zigwembe zikadya malo odyetsera, ziweto zimapanikizana pamalo otsalawo. Ubwerere uku!"

"Nanga dothi lapamwamba likachoka, udzu umera bwanji? Nthaka ikhalabe yambulanda. Wina uyo!"

"Madzi osefukira amabweretsa mvula yambiri!" anakuwa wa netiweki.

"Iwe, khala pansi," anatero Bambo Sidontha osacheuka. "Umenewo sindipenta ngakhale Ahedi asaine."

Ahedi anayang'ana wotchi tsopano, n'kupeza kuti phunziro la masamu ladyedwa theka. Anauza Madamu kuti mivi yatsopano iyambe yakhala ya choko mpaka Lachitatu, iwo aione kaye umodziumodzi, yoona yokha ndiyo ipentedwe. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Akulu, yofiirayo yatsala yokwanira?"

Bambo Sidontha anasuzumira m'kachitini, anakapendeketsa, n'kuyang'ana mizere ya choko imene inali ikuchuluka pakhoma.

"Ya mivi iwiri ilipo, bwana. Koma mmene ayambira anawa, ndibwera ndi chitini chachikulu."